Kalembedwe ka uthenga wa pasabata kwa kochi wanu wa kadyedwe: sikelo, njala, mphamvu ndi zimene mwadyadi

Lamlungu lililonse madzulo foni yanga imadzaza ndi mauthenga a anthu amene ndimawalangiza za kadyedwe pa WhatsApp. Ena ali ku Ndirande, ena ku Machinjiri, ena ku Namiwawa, ndipo ambiri a iwo sitinaonanepo maso ndi maso. Uthenga umene umabwera kawirikawiri ndi wotere: "Madzulo abwino a Kochi. Sabata ino ndayesetsa ndithu, koma sikelo sikutsika."

Ndikawerenga mawu amenewa ndimamva chisoni, chifukwa ndimadziwa kuti munthuyo wavutikadi, koma ndilibe poyambira kumuthandiza. Sikelo ikaima pamakhala zifukwa zitatu. Mwina chakudya chimene tinagwirizana chikuchulukabe. Mwina ndondomeko ili bwino, koma sinatsatidwe. Mwinanso mafuta akuchepadi m'thupi, koma madzi abisa zimenezo. Chifukwa chilichonse chili ndi yankho lakelake, ndipo kochi amene ali kutali sangasiyanitse ngati inu simunamuuze. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ntchito ya uthenga wanu ndi kumupatsa kochi zomuyenereza kudziwa kuti mwa zitatuzi chachitika ndi chiti.

## Zofunika kukhala nazo

- Sikelo ya m'nyumba, makamaka ya mabatire yoonetsa manambala mpaka 0.1 kg.
- Tepi ya telala, yofewa ija.
- Kabuku kakang'ono ndi cholembera, kapena malo olembapo mufoni.
- Ndondomeko imene kochi anakupatsani, yoti muziiona polemba.
- Chipande chimodzi ndi mbale imodzi zimene muzigwiritsa ntchito masiku onse.
- Mphindi ziwiri tsiku lililonse, ndi mphindi 15 pa tsiku lotumiza uthenga.

Chipande ndachitchula dala. Mtanda wa nsima wa kunyumba kwanu ndi mtanda wa kulesitilanti ya ku Limbe ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale dzina ndi limodzi. Jambulani mtanda wanu kamodzi, dzanja lanu lili pambali pake, mutumizire kochi, kuti mukati "mitanda iwiri" nonse muziona chinthu chimodzi.

## Gawo 1: Lembani tsiku lililonse, musadikire Lamlungu

Apa ndi pamene ambiri amagwa asanayambe n'komwe kulemba uthenga. Munthu akakhala pansi Lamlungu kuti akumbukire sabata yonse, amakumbukira masiku awiri omaliza ndi tsiku limene anachita bwino kwambiri. Mandasi a Lachinayi amaiwalika, ndipo kuiwalako si bodza ayi, ndi mmene mutu umagwirira ntchito.

Jambulani mizere m'kabuku kanu. Tsiku lililonse likhale ndi mzere wake, ndipo mulembepo zinthu zisanu: sikelo ya m'mawa, njala, mphamvu, maola amene mwagona, ndi chakudya chimene chapatuka pa ndondomeko. Sikelo ndi tulo lembani m'mawa, zinazo usiku musanagone. Kabukuko kazikhala pamalo amene mumatchajira foni.

Chenjezo: tsiku mukaiwala kulemba, siyani mpata wopanda kanthu. Musadzazemo nambala yongoganizira. Kochi amatha kugwira ntchito ndi masiku asanu olondola, koma masiku asanu ndi awiri osakanikirana ndi zopeka amamusocheretsa.

## Gawo 2: Kwerani sikelo mofanana masiku onse

Kwerani m'mawa mukangodzuka, mutapita kuchimbudzi, musanadye kapena kumwa kanthu, mutavala zopepuka zomwezomwezo. Sikelo ikhale pa simenti kapena pa matailosi, pamalo amodzi. Pa mkeka, pa kapeti kapena pa dothi losasalala imanama. Ngati mwakwera kawiri motsatizana n'kukupatsani manambala osiyana kwambiri, yambani mwaona mabatire ndi pansi pamene yakhala.

Tsopano mverani chimene chimasokoneza anthu. Kulemera kwa munthu wamkulu kumatha kusintha ndi kilogalamu imodzi kapena ziwiri pakati pa lero ndi mawa popanda mafuta kuwonjezeka kapena kuchepa. Mukadya nsima kapena mpunga wambiri, thupi limasunga china mwa chakudyacho m'minofu ndi m'chiwindi, ndipo galamu iliyonse yosungidwa motero imagwira magalamu pafupifupi atatu a madzi. Mchere nawo umasunga madzi: kanyenya, tchipisi cha pachiwaya, usipa wothira mchere wambiri, zonsezi zimaonekera pa sikelo m'mawa mwake. Kudzimbidwa kumakweza sikelo. Kwa amayi, masiku oyandikira msambo thupi limasunga madzi, ndipo amachoka okha msambo ukayamba kapena ukadutsa.

Mafuta sayenda mothamanga choncho. Kuti kilogalamu imodzi ya mafuta ibwere, pamafunika kudya makalori, ndiwo muyezo wa mphamvu ya m'chakudya, pafupifupi 7,700 kuposa amene thupi lagwiritsa ntchito. Phwando la tsiku limodzi silifika pamenepo kwa anthu ambiri. Ndiye mukaona sikelo yakwera ndi kilogalamu usiku umodzi, gawo lalikulu ndi madzi ndi chakudya chimene chidakali m'mimba.

N'chifukwa chake nambala yofunika mu uthenga wanu ndi avareji ya sabata. Phatikizani manambala onse, mugawe ndi masiku amene munakwera.

Tione za mayi wina wa ku Chilomoni, wogwira ntchito ya muofesi cha ku Ginnery Corner, amene anandilola kufotokoza sabata yake popanda dzina. Manambala ake anali awa: Lolemba 84.6, Lachiwiri 84.2, Lachitatu 84.0, Lachinayi 83.8, Lachisanu 83.9, Loweruka 84.1, Lamlungu 85.0. Loweruka anali ku ukwati, ndipo anadya mpunga, nkhuku yokazinga ndi zoziziritsa kukhosi masana ndi madzulo.

Lamlungu lapitalo sikelo inali 84.5. Akanangonditumizira nambala ya Lamlungu lokha, 85.0, tonse tikanati wanenepa ndi theka la kilogalamu, iye akanakhumudwa, ndipo mwina ine ndikanamuchotsera chakudya. Koma manambala asanu ndi awiriwo akaphatikizidwa ndi 589.6, ndipo pogawa ndi 7 tikupeza 84.2. Avareji ya sabata yapitayo inali 84.7. Mayiyu anatsika ndi 0.5 kg, mlingo wabwino kwambiri, popeza kutsika kosawononga thupi kumakhala pakati pa theka la kilogalamu ndi kilogalamu imodzi pa sabata. Sabata yake inali yopambana, ngakhale m'mawa wa Lamlungu anatsala pang'ono kulira pa sikelo.

Ngati mulibe sikelo kunyumba ndipo mumakwera ya anyamata a m'tauni kapena ya kumalo ochitira masewera olimbitsa thupi, musasinthesinthe. Sikelo imodzi, tsiku limodzi la sabata, nthawi imodzi, zovala zofanana, nsapato ndi foni zili pambali. Uzani kochi kuti nambalayo ndi ya kamodzi pa sabata, kuti aziweruza ndi masabata atatu kapena anayi pamodzi. Sankhani tsiku la pakati pa sabata, monga Lachinayi, chifukwa Lolemba limanyamula mchere wa Loweruka ndi Lamlungu.

Ndipo ngati kukwera sikelo tsiku lililonse kukukusowetsani mtendere, mpaka kudumpha chakudya chifukwa cha nambala ya m'mawa, nenani msanga. Katatu pa sabata n'kokwanira, ndipo kwa ena ndi bwino kuisiya sikelo n'kumagwiritsa tepi yokha.

## Gawo 3: Yezani m'mimba kamodzi pa sabata

Pezani nthiti yanu yomaliza ndi pamwamba pa fupa la m'chiuno. Tepi idutse pakati pa malo awiriwa, pakhungu, mutaimirira mowongoka. Tulutsani mpweya mwachizolowezi, kenako werengani masentimita. Musakoke mimba mkati, musamangitse tepi mpaka kulowa m'khungu, ndipo onetsetsani kuti kumsana sinapendekeke. Nthawi zina sikelo imaima masabata awiri pamene tepi ikutsika ndipo siketi kapena buluku likukhwepa. Kochi akaona zimenezo sakhudza chakudya chanu.

## Gawo 4: Njala, ndi nthawi imene imabwera

Patsani njala ya tsiku lililonse nambala kuyambira 1 mpaka 10. Tinene kuti 1 ndi tsiku limene simunaganizeko za chakudya, 5 ndi njala yabwinobwino imene imabwera nthawi ya chakudya ikayandikira, 10 ndi njala yokulepheretsani kugwira ntchito kapena kugona. Mu uthenga wanu woyamba lembani kuti 10 akutanthauza chiyani, chifukwa makochi ena amawerenga mozondoka, 10 kukhala kukhuta.

Nambala yokha siikwanira. Chimene chimandithandiza kwambiri ndi ola. Njala ya 10 koloko m'mawa imandiuza kuti chakudya cha m'mawa ndi tiyi ndi buledi woyera basi, ndipo dzira limodzi kapena awiri, kapena phala la mgaiwa la nsinjiro, lingathetse vutolo. Njala ya 4 koloko masana imandilozera ku nkhomaliro: mwina munali nsima ndi supu wambiri, koma nyemba, nsomba kapena masamba zinali zongolawa. Njala ya usiku pakati imandiuza kuti mwina tachotsa chakudya chambiri, kapena munthu akudzimana masana onse.

Siyanitsaninso njala ndi chilakolako. Dzifunseni kuti: bwenzi nditadya nsima ya nyemba ndi bonongwe pakadali pano? Ngati yankho ndi inde, ndi njala. Ngati mtima ukungofuna zitumbuwa zotentha za mayi a pageti kapena botolo lozizira, ndi chilakolako, ndipo nthawi zambiri chimayenda ndi kutopa, nkhawa, kapena chizolowezi cha malo amene mumadutsa. Zonse ziwiri lembani, koma chilichonse ndi dzina lake. Mankhwala ake ndi osiyana: njala timaithetsa ndi chakudya, chilakolako timayamba taona chimene chikuchiyambitsa.

Chenjezo: musachepetse nambala ya njala pofuna kuoneka olimba mtima. Munthu wolemba 3 pamene akugona m'mimba mukulira amachititsa kochi kuganiza kuti pali mpata wochotsanso chakudya. Njala ya 8 kapena 9 masiku atatu otsatizana ndi chizindikiro choti ndondomeko ikonzedwe, ndipo kunena zimenezo si kugonja.

## Gawo 5: Mphamvu ndi tulo

Mphamvu nayo ipatseni nambala, 1 kukhala kulefukiratu, 10 kukhala kupepuka m'thupi. Kuti nambalayo ikhale ndi tanthauzo, imangirireni ku ntchito imene mumachita masiku onse. Mtunda umene mumakwera pochokera pasiteji ya minibasi kupita kunyumba ndi choyezera chabwino, ndipo ku Blantyre kuno mitunda siisowa. "Lachinayi ndinapuma kawiri pamtunda umene ndimakwera osaima" ndi mawu amene kochi angagwire. "Ndinali wofooka pang'ono" alibe chogwira.

Lembani maola a tulo pambali pake. Munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposerapo, ndipo wogona mochepera amadzuka ndi njala yambiri komanso kukhumba zotsekemera. Tchulaninso chilichonse chimene chasokoneza sabata: mwana wodwala, kugona kumaliro, kutentha kwa mu Okutobala, chiperoni cha mu Juni chimene chakulepheretsani kuyenda m'mawa. Popanda zimenezi kochi adzaimba mlandu chakudya pa zinthu zimene chakudya sichinachite.

## Gawo 6: Werengani mmene mwatsatira ndondomeko

Gawo ili ndi lovuta kuposa onse, chifukwa limakhudza manyazi. Mawu oti "ndayesetsa" amanena za mtima wanu, ndipo ndimawakhulupirira, koma sanena za mbale yanu. Werengani. Ngati mumadya katatu pa tsiku, sabata ili ndi zakudya 21. Zingati zinali monga mwa ndondomeko? Lembani nambalayo, kenako fotokozani zotsalazo chimodzichimodzi: linali tsiku liti, munadya chiyani, chochuluka bwanji, ndipo chinachititsa n'chiyani.

Mayi wa ku Chilomoni uja anapeza 16 mwa 21. Zisanu zotsalazo zinali izi. Lachiwiri anaiwala kontena ya nkhomaliro kunyumba, nagula tchipisi. Lachinayi m'mawa magetsi anathima, makala anali atatha, ndiye anachoka osadya. Lachinayi lomwelo madzulo anadya mitanda inayi m'malo mwa iwiri. Ziwiri zomaliza ndi za ku ukwati.

Onani mmene Lachinayi likudzifotokozera lokha. Kusadya m'mawa kunabala njala yofika pa nambala 9 masana, njalayo inabala mandasi awiri 4 koloko, ndipo madzulo mitanda inayi. Mayiyu ankadziimba mlandu kuti alibe kudziletsa. Ine ndinaona vuto la makala. Tinagwirizana kuti usiku aziwiritsiratu mazira awiri ndi mbatata, n'kusunganso mtedza wokazinga m'dilowa ya kuofesi. Akanalemba kuti "Lachinayi ndinalakwitsa" basi, yankho limeneli silikanapezeka.

Pali zinthu zimene anthu saziwerenga ngati chakudya, ndipo ndi zimene zimaimitsa sikelo mwakachetechete. Shuga wa mu tiyi ndi woyamba. Supuni yaing'ono ili ndi magalamu pafupifupi 4, makalori 16. Masupuni atatu mu kapu, makapu awiri pa tsiku, ndi makalori pafupifupi 100 tsiku lililonse, oyandikira 700 pa sabata. Mafuta ophikira ndi achiwiri: supuni yaikulu imodzi ndi makalori pafupifupi 120, ndipo amene amathira kuchokera m'botolo osayeza sadziwa kuti alowa angati m'poto wa ndiwo. Kenako thobwa, maheu, sobo, mowa, kulawa pophika, ndi kumaliza zotsala za mwana. Zonsezi zilowe m'kabuku.

Ngati si inu amene mumaphika, nenani. Ambiri timadyera pamodzi, ndipo simungauze apongozi kapena achemwali anu kuti ayeze mafuta ndi supuni mawa lomwe. Kochi akadziwa, amakuthandizani pa zimene zili m'manja mwanu: kukula kwa mtanda, kuchuluka kwa masamba, kusathira supu wamafuta wambiri. Nenaninso za m'thumba. Ngati ndondomeko ikuti chambo kapena nyama ya nkhuku koma mwezi wafika pakati, lembani zimenezo mosabisa, kuti asinthe n'kuikamo usipa, matemba, mazira, soya, nandolo kapena khobwe. Ndondomeko imene simungaigule kumsika wa ku Chirimba ndi yofunika kukonzedwa, ndipo wokonza ndi kochi.

Za maukwati, zinkhoswe ndi maliro: simungakane chakudya kulikonse, ndipo sindifuna kuti muzitero. Zilembeni monga zinachitikira. Ngati mukudziwiratu kuti Loweruka likubwerali kuli mwambo, nenani mu uthenga wa sabata ino, tikonzekere limodzi.

## Gawo 7: Lembani uthengawo

Sankhani tsiku ndi ola ndi kochi wanu, ndipo muzisunga. Uthenga ukhale umodzi, wolembedwa, manambala pamwamba, nkhani pansi, funso kumapeto. Nawu uthenga wa mayi uja, monga tinaukonzera:

> Madzulo abwino a Kochi, mwaswera bwanji? Nali lipoti la sabata yachisanu.
>
> Sikelo: 84.6, 84.2, 84.0, 83.8, 83.9, 84.1, 85.0. Avareji 84.2, sabata yatha inali 84.7. M'mimba 96 cm, sabata yatha 97 cm. Msambo ndikuuyembekezera pakatha masiku 10.
>
> Njala: masiku ambiri 5. Lachinayi 9, kuyambira 2 koloko masana, chifukwa sindinadye m'mawa. Masiku a ntchito njala imayamba cha m'ma 4 koloko.
>
> Mphamvu: 7 masiku ambiri, Lachinayi 4. Tulo maola 7, kupatula Lachisanu, maola 5, tinali kuphikira ukwati. Ndayenda mphindi 30 masiku anayi mwa asanu amene tinagwirizana.
>
> Ndondomeko: zakudya 16 mwa 21. Lachiwiri nkhomaliro tchipisi, ndinaiwala kontena. Lachinayi m'mawa sindinadye, magetsi anathima. 4 koloko mandasi awiri. Madzulo mitanda inayi. Loweruka ku ukwati mpunga ndi nkhuku yokazinga kawiri, ndi mabotolo atatu a zoziziritsa kukhosi. Shuga mu tiyi supuni imodzi monga tinanenera, kupatula Loweruka.
>
> Sabata ikubwerayi: Lachitatu tili ndi msonkhano wa tsiku lonse, chakudya n'cha komweko.
>
> Funso langa: ndidye chiyani cha m'ma 4 koloko kuti ndisafike kunyumba ndi njala yoopsa?
>
> Zikomo kwambiri.

Uthengawu umawerengeka m'mphindi imodzi, ndipo yankho langa linali lalifupi: chakudya chisasinthe, popeza avareji ndi tepi zonse zatsika, tiwonjezere nthochi imodzi ndi mtedza wodzaza chikhatho 4 koloko, tikonzekere m'mawa wa tsiku lopanda magetsi, Lachitatu atenge mbale imodzi, theka lake masamba, ndipo amwe madzi.

Taonani mmene manambala ena akanasinthira yankho. Avareji ikanaima masabata atatu, tepi osasuntha, zakudya 20 mwa 21, njala 4, ndiye kuti nthawi yochepetsa pang'ono yakwana, kapena yofufuza mafuta ndi shuga zosawerengedwa. Ikanaima koma zakudya zili 12 mwa 21, kuchepetsa chakudya kukanangoipitsa zinthu. Ntchito ikanakhala kufewetsa ndondomeko kuti itheke. Ikanatsika ndi makilogalamu oposa imodzi masabata angapo otsatizana, njala 8, mphamvu 4, ndikanawonjezera chakudya. Sabata yoyamba yokha ndi yosiyana, chifukwa munthu akangochepetsa nsima ndi mchere, madzi amachoka ambiri, ndipo sikelo imatsika msanga kuposa mmene idzatsikire pambuyo pake.

Funso likhale limodzi, mwina awiri. Uthenga wa mawu wa mphindi zisanu ndi ziwiri umavuta kufufuzamo nambala pakatha mwezi, choncho manambala alembedwe ndithu. Ngati pali za kumtima zimene mukufuna kulankhula, zitsatire pambuyo. Bandulo ikatha, lembanibe pa tsiku lake, uthengawo udzapita mukagula.

## Zimene siziyenera kudikira tsiku la lipoti

Kochi wa kadyedwe si dokotala, ndipo pali zinthu zofunika kuchipatala lero lomwe. Ngati mumamwa mankhwala a shuga kapena kubaya insulini, kuchepetsa chakudya kungatsitse shuga mopitirira: kunjenjemera, thukuta, chizungulire, mutu kusokonezeka. Zikatero imwani kapena idyani chotsekemera nthawi yomweyo, ndipo muonane ndi achipatala amene amakupatsani mankhwalawo musanapitirize ndondomeko. Omwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi akayamba kumva chizungulire poimirira, nawonso akayezetse.

Pitaninso kuchipatala ngati thupi likutsika mofulumira pamene simukudzimana, makamaka ngati pali ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi, kapena chifuwa cha masabata awiri ndi thukuta la usiku. Kufooka kobwera ndi kutentha thupi kungakhale malungo, ndipo kufooka kokhalitsa ndi befu kungakhale kuchepa kwa magazi. Sikelo kukwera mwadzidzidzi miyendo itatupa ndi nkhani ya dokotala. Msambo ukasiya, yezetsani mimba kaye, ndipo mukapezeka oyembekezera ndondomeko yochepetsa thupi iime. Ngati mwayamba kudzisanzitsa, kumwa mankhwala otsegula m'mimba, kapena kudya mosaugwira mtima kenako kudzilanga ndi njala, uzani kochi ndi achipatala, musazisunge nokha.

Mankhwala alionse atsopano atchuleni mu uthenga. Jakisoni wa kulera ndi ena mwa mankhwala otalikitsa moyo amatha kukweza thupi mwa anthu ena. Kochi ayenera kudziwa kuti awerenge sikelo moyenera, koma musasiye mankhwala chifukwa cha sikelo, ndipo kochi wokuuzani kuti musiye mankhwala a kuchipatala musamumvere.

## Zolakwika zimene ndimaziona kawirikawiri

Choyamba, ndipo chimandipweteka kuposa zonse, ndi kusowa sabata ikaipa. Munthu amatumiza mokhulupirika masabata anayi abwino, kenako kumudzi kwagwa maliro, wadya zimene zinalipo, wachita manyazi, zii. Amadzatulukira pakatha mwezi. Sabata yoipayo ndi imene ndimaifuna kwambiri, chifukwa ndi imene imaonetsa pamene ndondomeko imathyokera. Ngakhale mizere itatu ingakwane: sikelo sindinakwere, ndinali kumaliro masiku anayi, ndayambiranso lero.

Chachiwiri ndi kukonzekera sikelo: kudzimana chakudya ndi madzi Loweruka kuti nambala ya Lamlungu ioneke bwino, kapena kusankha nambala yotsikitsitsa ya sabata n'kutumiza yokhayo. Sabata yotsatira nambala imabwerera, ndipo zimaoneka ngati mwanenepa pamene palibe chachitika.

Chachitatu ndi kusintha ndondomeko mwakachetechete. Wina amasiyiratu nsima chifukwa mnzake wa kuofesi watero, kapena amayamba tiyi wochepetsa thupi wogula pa intaneti, osanena. Kochi amaona sikelo ikutsika ndi mphamvu zikugwa, n'kumafufuza chifukwa pamalo olakwika. Matiyi ambiri oterewa amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa, choncho chimene chatsika ndi madzi.

Chachinayi ndi kuwerenga Lolemba mpaka Lachisanu, Loweruka ndi Lamlungu n'kuziponya kunja. Masiku awiriwo ali ndi zakudya 6 mwa 21, ndipo kanyenya ndi mowa wa Loweruka zitha kubweza zonse zimene munachepetsa mkati mwa sabata.

Chomaliza ndi zithunzi zopanda mawu. Chithunzi cha mbale sichionetsa mafuta amene alowa m'ndiwo, kapena ngati munawonjezera kachiwiri. Mukatumiza chithunzi, lembani pansi pake tsiku, ola, mitanda ingati, ndiwo zophikidwa motani, ndiponso ngati munamaliza mbaleyo kapena munasiyako.